Mmene mungapulintire chikalata kuchokera pa foni kupita ku pulinta ya waifai

Zikalata zambiri muno mu Lusaka zimayenda pa WhatsApp. Kalata yofunsira ntchito, invoisi, fomu ya sukulu, ndandanda ya msonkhano wa mpingo, zonse zimafikira pa foni. Ikafika nthawi yoti chikalatacho chikhale pa pepala, anthu ambiri amayamba kufunafuna kompyuta, chingwe kapena fulashi, pomwe pulinta imene ili pa tebulo ikanatha kulandira chikalatacho kuchokera pa foni pomwepo.

Musanadine batani lililonse, gwirani mfundo iyi: foni ndi pulinta ziyenera kukhala pa waifai imodzi. Bandulo ya Airtel, MTN kapena Zamtel ilibe nazo ntchito. Mutha kukhala ndi deta yambiri koma foni osaiona pulinta, ndipo mutha kukhala opanda bandulo ngakhale ya K2 koma n'kupulinta bwinobwino. Chikalata sichikwera pa intaneti kuti chikatsikire mu pulinta. Chimangodutsa pa waifai ya m'chipindamo. Mavuto ambiri amene anthu amakumana nawo amachokera pa mfundo imeneyi, ndipo tidzabwererako kangapo.

Waifai imodziyo imapezeka m'njira ziwiri. Pulinta itha kutulutsa waifai yakeyake, foni n'kulumikizika nayo mwachindunji, ndipo njirayi imatchedwa Wi-Fi Direct. Apo ayi, foni ndi pulinta zonse zimalumikizika ku rauta kapena maifai ya pa nyumba kapena ya mu ofesi. Ndiyamba ndi yoyambayo chifukwa nyumba zambiri za ku Matero, ku Chawama kapena ku Mtendere zilibe rauta, aliyense amadalira bandulo ya mu foni yake.

Onani kaye ngati pulintayo ili ndi waifai

Mapulinta ena amafanana kwambiri maonekedwe koma imodzi ili ndi waifai, inayo ilibe. Mwachitsanzo, Epson L3250 ili nayo pamene L3210 ilibe, ndipo L3150 ili nayo pamene L3110 ilibe. Pa mapulinta ambiri a leza a HP, Canon ndi Brother, chilembo cha w pamapeto pa dzina ndicho chimasonyeza waifai, monga Canon LBP6030w. Yang'ananinso kutsogolo kapena pamwamba pa pulinta: payenera kukhala batani kapena kanyale kokhala ndi chizindikiro cha mafunde, chofanana ndi chija cha pamwamba pa sikirini ya foni. Ngati palibe chizindikirocho ndipo kumbuyo kuli kabowo ka USB kokha, zimene zili m'munsimu sizigwira pa pulinta imeneyo.

Konzani chikalata musanachoke pa intaneti

Tiyerekeze ndi mnyamata wa ku Matero amene akufuna kukasiya mapepala ofunsira ntchito mawa m'mawa m'tauni. Ali ndi kalata ya tsamba limodzi, CV ya masamba awiri imene anailemba mu Word, ndi satifiketi ya Giredi 12 imene mlongo wake waijambula n'kumutumizira. Foni yake ndi Tecno. Pulinta ili kwa amalume ake, ndi ya inki yothira m'matanki, ilibe sikirini, ili ndi mabatani okha. Pa nyumbapo palibe rauta.

Choyamba chimene ayenera kuchita ndi kutsitsa mafayilo onse atatu mu foni adakali ndi deta. Pa WhatsApp, fayilo imene sinatsitsidwe imakhala ndi kamuvi koloza pansi. Adine kamuviko, adikire, kenako atsegule fayiloyo kuti atsimikize kuti ikutseguka. Izi n'zofunika chifukwa akangolumikiza foni ku waifai ya pulinta, intaneti imasowa, ndipo chikalata chimene chili mu imelo kapena mu Google Drive chokha sichidzatseguka.

Chachiwiri, CV ija aisandutse PDF. Fayilo ya Word imasintha maonekedwe malinga ndi pulogalamu imene yaitsegula. Mtundu wa zilembo umene analembera ukasowa mu foni, pulogalamu imaika wina, mizere imasuntha, ndipo CV ya masamba awiri imatuluka masamba atatu, lachitatulo lili ndi mizere iwiri yokha. PDF siisuntha, mmene ikuonekera pa sikirini ndi mmene idzatulukire. Pa foni ya Android njira yake ndi yosavuta: tsegulani chikalatacho, sankhani Print, ndipo pamwamba pomwe pamafunika dzina la pulinta sankhani Save as PDF. Mukatero tsegulani PDF yatsopanoyo muwerenge masamba ake.

Satifiketi ija ndiyo imakhumudwitsa ambiri. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimafinyidwa kuti chisadye deta yambiri. Pa foni chimaoneka bwino, koma chikatambasulidwa pa pepala la A4 zilembo zing'onozing'ono ndi chidindo zimachita chimbuuzi. Mnyamatayu amupemphe mlongo wake kuti atumizenso posankha Document m'malo mwa Gallery, kuti chithunzi chifike mmene chinajambulidwira. Ngati satifiketiyo ili pafupi, ndi bwino kuisikana ndi pulogalamu ya Google Drive, imene ili ndi Scan, chifukwa imawongola m'mbali n'kusunga tsambalo ngati PDF.

Kuyatsa waifai ya pulinta

Yatsani pulinta, ikani mapepala, ndipo dikirani mpaka kanyale ka magetsi kasiye kuphethira. Pa pulinta imene ili ndi sikirini, pitani pa Network kapena Wireless, musankhe Wi-Fi Direct, muiyatse. Sikiriniyo ikuonetsani dzina la waifai ndi pasiwedi yake.

Pa pulinta yopanda sikirini mumagwiritsa ntchito mabatani, ndipo kampani iliyonse ili ndi kachitidwe kake. Pa Epson L3150 ndi L3250 mumagwira batani la Wi-Fi, ndipo mudakaligwira mumadina batani la netiweki lokhala ndi chilembo cha i mpaka tinyale tiwiri ta waifai tiyambe kuphethira mosinthana. Dikirani. Kanyale ka Wi-Fi Direct kakayaka osaphethiranso, ndiye kuti zatheka. Pa mtundu wina wa pulinta, onani kabuku kamene kanabwera mu katoni, pa mutu wa Wi-Fi Direct.

Tsopano mufunika dzina ndi pasiwedi. Pulinta yopanda sikirini imakuuzani zimenezi polemba pa pepala. Pa ma Epson aja, gwirani batani la i kwa masekondi pafupifupi 7 ndipo itulutsa masamba ofotokoza za netiweki yake. Pa ma HP ambiri ang'onoang'ono palinso batani la i limene limatulutsa tsamba lotere. Pa tsambalo fufuzani mawu akuti Wi-Fi Direct, ndipo pansi pake pali SSID, lomwe ndi dzina la waifai, komanso Password. Dzinalo nthawi zonse limayamba ndi DIRECT, monga chonchi:

```
DIRECT-7A-HP DeskJet 2700 series
```

Tsamba limeneli musalitaye. Ine ndimalangiza kuti mulipinde muliike pansi pa pulinta, kapena mulijambule ndi foni. Tsiku limene zinthu zidzakane, tsamba ngati lomweli ndilo lidzakuuzeni chimene chavuta.

Ma HP ambiri akale ankabwera ndi pasiwedi ya 12345678. Ngati yanu ikadali imeneyo, isintheni, makamaka ngati mumakhala pa yadi ya nyumba zambiri kapena muli ndi shopu pa msika. Waifai imadutsa khoma, ndipo aliyense wodziwa nambalayo atha kumatumiza zake n'kukutherani inki ndi mapepala.

Kulumikiza foni

Tsegulani Settings, pitani pa Wi-Fi, ndipo pa mndandanda wa mawaifai muona dzina lija loyamba ndi DIRECT. Lidineni, lembani pasiwedi monga mmene yalembedwera, osasintha zilembo zazikulu ndi zazing'ono.

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa mphwayi, choncho tiyende pang'onopang'ono. Foni ikalumikizika, imayesa kuona ngati waifaiyo ili ndi intaneti. Ya pulinta ilibe. Ndiye foni imalemba kuti Connected, no internet, kapena imafunsa ngati mukufuna kukhalabe pa waifai yopanda intaneti. Uthengawu si chizindikiro cha vuto, ndi mmene ziyenera kukhalira. Vomerani kuti ikhalebe, ndipo ngati pali kabokosi koti isadzafunsenso, chongani.

Mafoni ena safunsa n'komwe. Amangoona kuti waifai ilibe intaneti n'kubwerera mwakachetechete ku deta ya mu simu, kapena kudumphira ku waifai ina imene amaidziwa. Inu mumaona ngati mwalumikiza, koma pulinta siikupezeka. Mankhwala ake ndi kuzimitsa Mobile data kwa mphindi zochepa zimene mukupulinta. Pa Samsung palinso Switch to mobile data, pansi pa Intelligent Wi-Fi, imene imachititsa zomwezi. Ngati muli ndi VPN mu foni, izimitseninso, chifukwa imatenga zonse zotuluka mu foni n'kuzilozetsa kwina, pulinta n'kukhala ngati kulibe.

Chimene chimalankhula ndi pulinta mu foni

Kuyambira pa Android 8, imene inatuluka mu 2017, mafoni ambiri amabwera ndi kapulogalamu kopulintira kotchedwa Default Print Service. Onani ngati n'koyatsa. Pa mafoni ambiri njira yake ndi iyi:

```
Settings > Connected devices > Connection preferences > Printing
```

Pa Samsung ndi iyi:

```
Settings > Connections > More connection settings > Printing
```

Ma Tecno, Infinix ndi itel amaika zinthu m'malo osiyanasiyana malinga ndi chaka chimene foni inapangidwa. Musavutike kufufuza, ingolembani mawu akuti print mu kabokosi kofufuzira ka pamwamba pa Settings, ikufikitsani pomwepo. Mukapeza Default Print Service, iyatseni, ndipo pakapita masekondi angapo dzina la pulinta liyenera kuonekera pansi pake.

Likapanda kuonekera, kapena ngati foni yanu ilibe kapulogalamu kameneka, pali njira ziwiri. Mutha kutsitsa Mopria Print Service pa Play Store, imene imagwira ndi mapulinta a makampani ambiri. Mukhozanso kutsitsa pulogalamu ya kampani imene inapanga pulintayo: HP app, imene kale inkatchedwa HP Smart, Epson Smart Panel, Canon PRINT kapena Brother Mobile Connect. Pa mapulinta otsika mtengo opanda sikirini, ine ndimayambira pa pulogalamu ya kampaniyo, chifukwa ena mwa iwo samva chilankhulo chimene Default Print Service imagwiritsa ntchito, koma ya kampani yawo amaimva. Imaonetsanso chimene chavuta, ngati pepala lakodwa kapena chivundikiro n'chotsegula, zimene tinyale tophethira sitingakuuzeni momveka. Kumbukirani kuitsitsa musanazimitse deta.

Pulogalamuyo ikapempha chilolezo cha Location kapena Nearby devices, ipatseni. Ambiri amakana poganiza kuti ikufuna kuwalondola, koma Android simalola pulogalamu kuona mawaifai apafupi popanda chilolezo chimenechi. Mukakana, pulogalamu imangozungulira kufufuza osapeza kanthu.

Mukakumana ndi malangizo akale onena za Google Cloud Print, asiyeni. Ntchito imeneyo inatsekedwa kumapeto kwa 2020.

Kutumiza chikalata

Tibwerere kwa mnyamata wa ku Matero uja. Foni yake ili pa waifai ya DIRECT, deta wazimitsa, dzina la pulinta likuoneka. Atsegule PDF ya CV kuchokera mu Files kapena pa WhatsApp pomwepo. Pa kona ya kumanja pamwamba pali timadontho titatu, adine, asankhe Print. Ngati pulogalamu imene yatsegula PDF ilibe Print, asankhe Share kapena Open with, aitumize ku pulogalamu ya pulinta. Mu Google Docs, Print imabisala pansi pa Share & export. Mu Chrome, mumadina Share kenako Print.

Sikirini imene ikubwera imaonetsa masamba mmene adzatulukire. Pamwamba penipeni pali dzina. Nthawi yoyamba pamakhala Save as PDF kapena Select a printer. Dinani pamenepo musankhe pulinta yanu, ndipo ngati siili pa mndandanda, dinani All printers. Anthu ena amaiwala kusintha, amadina batani, n'kumadikira pepala pomwe foni yangosunga PDF ina.

Pansi pa dzina la pulinta pali kamuvi kakang'ono koloza pansi. Kadineni nthawi zonse, ngakhale muli pa changu, chifukwa mmenemo ndi mmene muli Copies, Paper size, Color, Orientation ndi Pages.

Yambani ndi Paper size. Mapepala amene timagula m'mashopu a ku Kamwala kapena mu Cairo Road ndi A4, mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Koma foni imene chilankhulo chake chinaikidwa pa Chingerezi cha ku America kawirikawiri imasankha Letter, pepala la kumeneko, lomwe ndi mamilimita 216 m'lifupi ndi 279 m'litali. Letter ndi lalifupi ndi mamilimita 18 koma lotambalala ndi mamilimita 6. Mukasiya pa Letter pomwe mu pulinta muli A4, chimodzi mwa izi chimachitika: tsamba limatuluka lochepetsedwa, pansi pali mpata waukulu, kapena m'mbali mumadulidwa pang'ono, kapena pulinta imaima n'kumaphethira kuti pepala silikugwirizana. Pa fomu imene ili ndi malo osainira pansi penipeni, zimenezi zimaononga tsamba lonse. Sankhani ISO A4. Ngati chikalatacho chinalembedwa pa Letter kuyambira mu Word, ndi bwino kukasintha komweko musanapange PDF.

Pa Color, sankhani Black & White pa kalata ndi CV. Zilembo zakuda sizifuna inki ya mitundu, ndipo pa mapulinta a makatiriji inki ya mitunduyo ndi imene imapweteka m'thumba. Satifiketi yokha ndi imene mnyamatayu angaisiye pa Color ngati akufuna kuti chidindo chioneke.

Pa Pages, mutha kusankha masamba ochepa okha. Sinthani All kukhala Range ndipo lembani manambala motere:

```
1-2,5
```

Zimenezi zitulutsa tsamba loyamba, lachiwiri ndi lachisanu. Pa chikalata chachitali, monga manotsi a masamba 60 a ku UNZA kapena ku Evelyn Hone, yambani ndi tsamba limodzi lokha. Likatuluka bwino, tumizani otsalawo.

Zonse zikakhala bwino, dinani batani lozungulira lokhala ndi chithunzi cha pulinta. Ndiye khalani pomwepo. Musatuluke panja kukayankha foni, musayatse deta, musatseke pulogalamu mpaka tsamba lomaliza litagwa. Foni imatumiza chikalata pang'onopang'ono pamene pulinta ikulemba, ndipo waifai ikaduka pakati, pepala limatuluka lolembedwa theka. Fayilo ya zithunzi imatenga nthawi kuposa ya zilembo zokha, choncho satifiketi ija itha kukhala theka la mphindi pulinta isanayambe kukoka pepala. Musadinenso Print poganiza kuti sizinapite, mungatulutse makope awiri kapena atatu. Kokani sikirini kuchokera pamwamba, muona uthenga wosonyeza pamene ntchito yafika, ndipo pomwepo pali Cancel.

Akamaliza mafayilo onse atatu, mnyamatayu ali ndi masamba anayi m'manja. Achotse foni pa waifai ya DIRECT, ayatse deta. Akaiwala, amadabwa madzulo onse kuti mauthenga sakulowa. Ulendo wotsatira sadzafunikanso pasiwedi, foni imaikumbukira.

Kwa amene ali ndi iPhone, kulumikiza ku waifai ndi chimodzimodzi, koma palibe chotsitsa ngati pulinta ili ndi AirPrint, njira yopulintira imene Apple inayambitsa mu 2010. Mumatsegula chikalata, kudina Share, kutsika mpaka pa Print, n'kusankha pulinta. Dziwani kuti pali mapulinta okhala ndi waifai koma opanda AirPrint. Pa otere iPhone imalemba No AirPrint Printers Found ngakhale zonse zili bwino, ndipo muyenera kudzera mu pulogalamu ya kampani. Ngati mukugula pulinta ndipo pa nyumba pali ma iPhone, fufuzani mawu akuti AirPrint pa katoni musanalipire.

Pamene pali rauta

Mu ofesi, pa sukulu kapena mu shopu yopulintira, Wi-Fi Direct imatopetsa chifukwa aliyense amayenera kuchoka pa intaneti kuti apulinte. Pamenepo ndi bwino kuilowetsa pulinta pa rauta kamodzi kokha, kuti aliyense amene ali pa waifaiyo aziiona.

Ngati pulinta ili ndi sikirini, sankhani dzina la waifai yanu pa mndandanda n'kulemba pasiwedi. Ngati ilibe, pulogalamu ya kampani imakutsogolerani ndipo imapereka pasiwedi ku pulinta kuchokera pa foni. Njira ina ndi batani la WPS. Dinani WPS pa rauta, ndipo pasanathe mphindi ziwiri gwirani batani la Wi-Fi pa pulinta kwa masekondi asanu mpaka tinyale tiphethire. Ziwirizi zimapezana zokha popanda pasiwedi.

Pali msampha umodzi pano. Marauta amakono amatulutsa waifai ziwiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz, ndipo mapulinta ambiri otsika mtengo amamva ya 2.4 GHz yokha. Mukaona mayina awiri ofanana, limodzi lothera ndi 5G, pulinta ilowetseni pa lopanda 5G. Ngati dzina la waifai yanu silikuoneka n'komwe pa pulinta pomwe foni ikuliona, ganizirani zimenezi poyamba. Pa marauta ambiri foni itha kukhala pa 5 GHz, pulinta pa 2.4 GHz, n'kumaonanabe, popeza zonse zili pa rauta imodzi. Chimene sichigwira ndi waifai ya alendo, ija imakhala ndi dzina lothera ndi Guest. Inapangidwa dala kuti amene ali pamenepo asaone zipangizo zina. Marauta ena ndi mamaifai ena alinso ndi AP Isolation, imene ikakhala yoyatsa imatsekereza foni kuona pulinta ngakhale zili pa waifai imodzi.

Ena amayesa kupanga hotisipoti pa foni, kulowetsapo pulinta, n'kupulinta kuchokera pa foni yomweyo. Pa mafoni ena zimatheka, pa ena foni imene ikugawa waifai siiona pulinta. Sindingalangize njirayi pamene Wi-Fi Direct ilipo.

Magetsi akabwera, pulinta n'kusowa

Vuto ili limachitika kawirikawiri kuno, ndipo mu 2024, madzi atachepa ku Kariba n'kumazima magetsi maola ambiri pa tsiku, linali la tsiku ndi tsiku. Dzulo zonse zimagwira. Lero malaiti apita, abwera, ndipo foni ikuti pulinta ili Offline kapena Unavailable.

Zifukwa zake ndi ziwiri. Rauta imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti idzuke bwino, ndipo pulinta ikayatsidwa msanga imafufuza waifai, osaipeza, ndiye mapulinta ena amasiya kufufuza. Chifukwa china n'chakuti rauta imapatsa chipangizo chilichonse nambala, imene imatchedwa IP, ndipo ikazima n'kuyakanso itha kugawa manambalawo mwatsopano. Foni imapitabe pa nambala yakale, ngati munthu wogogoda pa nyumba imene mwini wake anasamuka.

Yambani ndi chapafupi. Zimitsani pulinta, dikirani kuti rauta iyake bwino mpaka foni ilowe pa waifai, kenako yatsani pulinta. Nthawi zambiri zimathera pomwepa.

Zikakanabe, tulutsani tsamba la netiweki latsopano, muone mzere wa IP Address. Kenako pa foni dinani dzina la waifai imene mwalumikiza, muone IP ya foniyo. Tiyerekeze kuti mwapeza izi:

```
Foni:     192.168.1.14
Pulinta:  192.168.1.31
```

Magawo atatu oyamba ndi ofanana, 192.168.1, ndiye kuti zili pa netiweki imodzi. Kuti mutsimikize, tsegulani Chrome mulembe nambala ya pulinta pamalo olemba adiresi. Mapulinta ambiri a waifai ali ndi katsamba kawo kamene kamatseguka pamenepo. Kakatseguka, njira pakati pa foni ndi pulinta ili bwino, vuto ndi lakuti foni ikusunga nambala yakale. Chotsani pulinta mu pulogalamu muiikenso, kapena mu Default Print Service dinani Add printer, musankhe Add printer by IP address, mulembe 192.168.1.31. Kakakana kutseguka pomwe manambala akugwirizana, kayang'aneni VPN pa foni ndi AP Isolation pa rauta.

Ngati foni ili pa 192.168.8.102 pomwe pulinta ili pa 192.168.1.31, zili pa mawaifai awiri osiyana. Zimenezi zimachitika m'nyumba zimene zili ndi rauta komanso maifai ya batire: magetsi atazima foni inasamukira pa maifai, ndipo atabwera siinabwerere. Ibwezeni pa rauta.

Nambala ya pulinta ikayamba ndi 169.254, kapena ikakhala 0.0.0.0, ndiye kuti rauta siinaipatse nambala. Pulintayo siili pa netiweki. Iyandikizeni ku rauta, muizimitse n'kuiyatsanso, ndipo ngati wina anasintha pasiwedi ya waifai posachedwa, muyenera kuilowetsanso kuyambira poyamba. Pulinta siidziwa kuti pasiwedi yasintha, imangoyesabe yakale.

Amene ali ndi shopu ndipo atopa ndi vutoli akhoza kulithetsa kamodzi. Mu tsamba la rauta muli malo otchedwa Address Reservation kapena Static DHCP, pomwe mumauza rauta kuti pulinta iyi izilandira nambala imodzimodzi nthawi zonse. Rauta imafunsa MAC Address ya pulinta, ndipo imeneyo ili pa tsamba lija la netiweki.

Za inveta ndinenepo pang'ono, popeza ambiri tsopano amayendetsa ofesi ndi sola. Pulinta ya inki imadya magetsi ochepa, ma Epson a matanki aja amakhala pa mawati pafupifupi 12 akamalemba, ndipo inveta yaing'ono imawanyamula. Ya leza ndi nkhani ina. Ili ndi kachipangizo kotenthetsa tona, inki yake yaufa, kuti imatirire pa pepala, ndipo kamakoka mawati mazana angapo, makamaka poyamba. Pa inveta yaing'ono, mukangotumiza chikalata inveta imalira n'kudula, rauta nayo n'kuzima, ndipo pa foni zimaoneka ngati waifai ndiyo yavuta. Mukaona kuti zimaduka pa nthawi yeniyeni imene pulinta yayamba kutentha, yang'anani inveta, osati foni.

Pamene foni yatumiza koma pepala silikutuluka

Nthawi zina kulumikizana kuli bwino, foni ikunena kuti ikupulinta, koma pa tebulo palibe chikuchitika. Apa siyani foni muyang'ane pulinta. Kanyale ka pepala kakayaka, mapepala atha, akodwa, kapena pulinta yalephera kukoka. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, mapepala osiyidwa poyera amamwa chinyezi n'kumamatirana, ndipo pulinta imakoka awiri nthawi imodzi kapena osakoka n'komwe. Atulutseni, muwapepese ndi chala kuti alekane, muike ochepa, otsalawo muwasunge mu pepala lokutira limu yake.

Tsamba likatuluka loyera kapena lokhala ndi mizere yodukaduka, foni ilibe mlandu. Pa pulinta ya inki imene yakhala milungu ingapo osagwira ntchito, timabowo totulutsa inki timauma. Mu pulogalamu ya kampani muli Nozzle Check, imene imatulutsa timizere toyesera, ndi Head Cleaning, imene imatsuka. Tsukani kamodzi, yesaninso, koma musabwereze kambirimbiri motsatizana chifukwa kutsuka kulikonse kumamwa inki.

Ntchito ina ikakodwa mu foni, imatsekereza zonse zobwera pambuyo pake. Pitani pa Printing mu Settings, pomwe ntchito zodikira zimaonekera pansi pa Print jobs, muzichotse zonse ndi Cancel. Zimitsani pulinta kwa theka la mphindi kuti iiwale zimene inalandira, muiyatse, mutumize tsamba limodzi lokha. PDF yokhala ndi pasiwedi, monga masitetimenti ena a ku banki, iyenera kutsegulidwa ndi pasiwedi yake kaye, ndipo ngati pulogalamu ya pulinta ikuikana, itsegulireni mu pulogalamu yowerengera PDF n'kusankha Print kuchokera mmenemo.